Chipinda changa chinasanduka chimbudzi

Nditabwerera kwathu ku Chawama, mu Lusaka, ukwati utatha, ndinkagona pabalaza ndi mwana wanga, mutu pansi pa tebulo, miyendo kukhomo. Aliyense wopita kukataya madzi m'mamawa ankandilumpha. Munthu wamkulu ndi mwana wako, kulumphidwa ngati ngalande, zinkandiwawa kwambiri.

Bambo anga ndi telala, Msilamu, makolo awo anachokera ku Malawi. Nyumba yathu ili ndi kachipinda kam'mbali kosokeramo, ndipo m'menemo simunkalowa munthu, ngakhale amayi. Kuseri kunali malo opanda kanthu. Tsiku lina bambo anatenga phulusa m'mbaula, najambula pansi zipinda zisanu ndi chimodzi zalendi.

"Chakumapetocho, pafupi ndi mgwafa, ndi chako," anatero. "Usiye kutchinga njira."

Ndinkapita kukaima m'chipinda changa cha phulusacho, kuyeza ndi mapazi poika bedi. Mwana wanga akadumpha mzere ndinkamukalipira kuti adzere pakhomo.

Mu Lusaka chipinda sichidikira munthu. Buloko ngakhale limodzi lisanagulidwe, anthu anayamba kubwera: kondakitala wa minibasi, mayi wogulitsa tomato, banja lina la ku Copperbelt, mlonda, ndi nesi wophunzira. Aliyense anasankha chake, bambo n'kumulonjeza. Mayi wa tomato ndi kondakitala mpaka anakangana za pomangira chingwe choyanika zovala, khoma kulibe.

Bambo ankafuna kungoyamba kumanga monga amachitira ambiri. Amene anawabweza ndi aneba athu, omwe anamanga popanda chilolezo.

"Ba landilodi, samalani. Ine ba khonsolo banabwera, banalemba mtanda wofiira pa chipupa, ati lekani kumanga."

"Mtanda?" anafunsa bambo. "Pakhoma langa ine?"

Zogumula nyumba sizinawaopse kwenikweni, koma mtanda pakhoma la munthu wosaphonya Lachisanu ku mzikiti, ayi ndithu. Mawa lake anatulutsa chikalata cha malo, naitana wojambula mapulani kuti pulani ipite kukhonsolo.

Wojambulayo anali mayi wachete, wovala jombo. Anayeza malire onse ndi tepi, nayang'ana phulusa lija nthawi yaitali. Kenako anayamba kulifufuta ndi phazi. Anati khoma silingagunde malire, pamafunika mpata. Maziko akwezedwe chifukwa Chawama imasefukira nthawi ya mvula. Pasiyidwe njira yoti opopa chimbudzi azifika. Ndipo anafunsa kuti anthu onsewa azikadzithandiza kuti.

Bambo analoza chimbudzi chathu chokumba, chimene chinali chitapendekera kale.

"Icho a zaumoyo sadzachivomera," anatero mayiyo. "Pafunika chimbudzi ndi bafa zatsopano, zokhala ndi thanki yake. Malo abwino ndi kumapeto uko, kutali ndi pompi ndi pophikira."

Analoza pamgwafa. Ine ndinali nditaima momwemo, pamalo a bedi.

Ndinayang'ana bambo, ndikudziwa kuti akanatha kuchotsa mmodzi mwa asanu aja. Koma anali atawalonjeza pamaso pa anthu, ndipo bambo anga akanena anena. Komanso asanuwo ndi amene akanadyetsa nyumba, pomwe ine ndinkangodya nawo. Anakhosomola, nati, "Jambulani."

Ndinakwiya mwezi wathunthu. Tiyi ndinkawapatsa wopanda shuga, iwo n'kumamwa osadandaula, zimene zinkandikwiyitsa koposa. Pulani inapita kukhonsolo, inabwerera kuti akonze za mawindo, inapitanso, mpaka inabwera ndi chidindo. Oyendera anabwera kudzaona maziko, osanyamula penti yolembera mtanda. Zipinda zisanu zinamangidwa, anthu analowa pulasitala asanaume bwino. Pamgwafa panaima zitseko ziwiri zobiriwira, ndipo m'mawa uliwonse pakhomo la chipinda changa pankakhala mzere wa anthu ogwira ndowa.

Kondakitala atamva nkhaniyi anayamba kundinyogodola. Akamapita kumeneko ankandiweramira. "Odi kunyumba kwanu, ba sisi." Ndinkamuyankha kuti alowe, koma asakhalitse, alendo ndi ambiri.

Loweruka lina ndikuchokera kumsika ndinapeza makina osokera ali pakhonde, bambo akupalasa, nsalu zikuuluka ndi mphepo. Unali mwezi wa Juni, kuzizira kolowa m'mafupa. Kachipinda kosokera kanali kotsegula, kosesedwa, ndipo mphasa yanga ndi chikwama cha mwana zinali m'kati.

"Baba, mwatani?"

"Mmenemo muli mdima, maso anga atha," anatero osandiyang'ana. "Kunja kuno ndiye kowala. Ndipo watchinga njira mokwanira."

Kachipindako kali ndi windo lalikulu kuposa onse m'nyumba muno. Bambo anachita kuliika okha zaka zambiri zapitazo kuti azitha kulowetsa ulusi m'singano.

Ndinalowa kukhitchini, ndinawapangira tiyi, n'kuthiramo shuga wa mwezi wonse uja. Anamwa pang'ono, nati watsekemera kwambiri, koma kapu sanaisiye, chifukwa zala zawo zinali zitauma ndi mphepo.