Timafuta pa Khofi wa Ansembe

Chaka chimene ndinabereka mwana wanga woyamba, ndinalowa ntchito m'khitchini ya ansembe ku Mua, khanda lili kumsana. Tsiku lina mapepala osefera khofi anatha, ine n'kusefa ndi kasefa kachitsulo ka tiyi. Kuyang'ana m'kapu, timafuta tili yandayanda pamwamba! Ndinati basi, anena kuti ndathiramo mankhwala, andichotsa ntchito, nanga mwanayu adya chiyani?

Akhukhi, bambo achikulire a ku Golomoti, anaseka mpaka kutsokomola. "Make mwana, ufiti wanu ngwaulesi bwanji, wochita kuonekera pamwamba? Mafutawo ndi a khofi yemweyo. Pepala limawagwira, nsalu imagwirako ambiri, koma chitsulo chimangowasiya adutse."

Ndinasefanso ndi nsalu yoyera. Mafuta anachepa, khofi n'kupepuka. Ansembe anamwa osafunsa kanthu, ndipo ntchito sinathe.

Khanda lija pano ndi namwino. Akuti mafutawo ali ndi kafesitolo, amene amakweza kolesitolo, mafuta oopsa ku mtima, m'magazi munthu akamamwa khofi wotere masiku onse. Ndiye amandiseka: "Amayi, inu mumateteza ntchito, osadziwa kuti mukuteteza mtima wa ansembe!"