Mtedza wa m'malaya

Mwana wanga wachiwiri atafika zaka zisanu ndi ziwiri, mudzi wonse unkamudziwa ndi mwano. Ukamutuma ankayankha kuti "sindifuna" asanamve n'komwe kumene ukumutumako. Anagenda mbuzi ya eni ake mpaka kuithyola mwendo, ndipo kusukulu anamubweza kawiri chifukwa cha ndewu. Mtengo wa pichesi wa kuseri kwa nyumba yathu unatha nthambi chifukwa cha iye, koma ndikamukwapula, mawa lake ankachita zoposa.

Achimwene anga, amene ndiwo eni mbumba, anabwera kuchokera ku Kabudula n'kugamula kuti tikatha kukumba mtedza adzamutenga akawete ng'ombe zawo, sukulu ayiwale. Bambo ake, pokhala akamwini, anangoyang'ana pansi. Ine ndinavomera pakamwa, koma mumtima zinandiwawa.

Nkhaniyi ndinaidandaula kusikelo ku Nsaru, kumene ndinapita ndi wakhanda. Alangizi a zaumoyo, mayi wina wodekha kwambiri, anandifunsa kuti, "Kodi akachita zabwino mumati chiyani?"

"Zabwino ziti?" ndinatero.

"Pamenepo. Panopa mumamuona pokhapokha akalakwa, ndiye amalakwa kuti mumuone. Tsiku lililonse muzikhala naye pang'ono n'kumasewera zimene iye wasankha. Akamvera, ngakhale pa kanthu kakang'ono, mutchule chimene wachitacho n'kumuyamikira pomwepo. Pomutuma, muyandikire, munene chinthu chimodzi. Akamalira n'kumadzigubuduza, musamulabadire. Koma akamenya mnzake, mulandeni mpira masana onse, osakalipa, ndipo muzitero nthawi zonse."

Ndinawayang'anitsitsa. Ndinaganiza kuti mwina alibe ana, kapena akufuna mudzi undiseke. Kwathu mwana sayamikiridwa pamaso, timati atukumuka. Koma ng'ombe za achimwene zinkandiopsa kuposa manyazi, ndiye ndinayesa.

Sabata yoyamba zinafika poipa, monga alangizi aja anandichenjezera. Ankakuwa mpaka apongozi a mnzanga kusuzumira pampanda, ine ndikusenda chinangwa ngati wogontha, dzanja likuyabwa. Ndinkakhala naye pansi kuumba magalimoto a dongo, amayi odutsa akutsinana. Tsiku lina atabweretsa ndowa nditangomutuma kamodzi, ndinati, "Zikomo, wabweretsa ndowa nditangonena." Anandiyang'ana mokayikira, ngati ndabisa chikwapu kumbuyo.

Patatha miyezi iwiri, kukana kunachepa, ngakhale sikunathe. Koma ine sindinakhulupirire. Akakhala chete, ndinkakawerenga nkhuku. Akasesa pakhomo osatumidwa, ndinkanunkhiza kukamwa kwake ngati wanyambita shuga.

Achimwene anafika ndi njinga m'mawa wina mtedza wathu uli pamphasa. Ndinali nditakonza mawu onse owapempha kuti amusiye. Tili pakhonde, mwana uja anatulukira kuseri kwa nkhokwe, malaya atatukumuka pamimba. Anayesa kuzemba, koma mtedza unayamba kugwa pansi. Anzathu oyandikana nawo analinso atayanika wawo.

"Waba kuti?" ndinakuwa ndisanaganize.

Nkhope yake inasintha. Anakhutula mtedza wonse pansi, n'kuupondaponda, nanditukwana mawu amene sindingalembe pano, kenako anathawira kudambo.

"Mwaonatu achemwali," anatero achimwene. "Ndiye mumati wasintha, eti? Mumangireni zovala."

Ndinagwada kuti nditole mtedzawo ndikabweze kwa eni ake. Apa m'pamene ndinauona bwino. Sunali wouma wa pamphasa. Unali wonyowa, wadothi, wina wakuda, wina utayamba kumera. Unali wotsalira m'nthaka, umene ana amakunkha m'munda anthu atakumba kale. Kakhasu kanga kanali kuseri kwa nkhokwe, dothi lake lisanaume, ndipo pambali pake panali thumba la shuga lodzaza theka ndi mtedza womwewo. Anali ataukunkha kwa masiku angapo.

Ndinamupeza atakhala pachulu, miyala ili m'manja. Sindinamuyandikire kwambiri. Ndinati, "Ndakunamizira. Wakunkha mtedza wekha, popanda wokutuma. Ndaona thumba lako. Koma kutukwana ayi, mpira uupeza madzulo."

Anataya miyala ija umodziumodzi.

"Ndimafuna lidzaze kaye," anatero, "kuti mudzanene zija mumanena zija, zoti zikomo."

Tinabwerera limodzi, iye kumbuyo kwanga. Achimwene anali atamanga kale kansalu pakaliyala kuti mwana akhalepo. Ndinagwada patsogolo pawo monga mwa mwambo. Chibadwire ndinali ndisanawatsutsepo.

"Achimwene, mwanayu sapita."

"Akakuphani ndi mwano musadzandiyitane," anatero, n'kumasula kansalu kaja.

Atapita, mwana wanga anakatenga thumba lija n'kuliika pamapazi anga, akudikira.