Maola Asanu a Mayi Esitele

Mayi Esitele akhala akuluka tsitsi pa boma la Mchinji zaka khumi ndi ziwiri, ndipo salola kunenerera. Mtengo wa malukidwe aatali ofika m'chiuno anaulemba pakatoni: meshi mapaketi atatu, K15,000, maola asanu, ola lililonse K2,000, magetsi a dulaya youmitsira tsitsi ndi ketulo yowiritsira madzi oviika nsonga za meshi, mayunitsi awiri, K500. Zonse K25,500.

Maola asanuwo anali oona pamene mwana wawo Pilirani ankaluka kumanja kwa mutu, iwo kumanzere. Chaka chatha Pilirani anapita kukagwira ntchito mu saluni ina ku Chipata, akuti abwerako mvula ikatha. Mvula inatha, fodya anagulitsidwa, mvula ina inagwanso.

Loweruka lina namwino wina, Ireen, anakhala pampando 7 koloko m'mawa n'kudzuka 4 koloko madzulo, khosi litauma. Potulutsa ndalama anayang'ana katoni ija.

“Amayi, awa ndi maola naini. Mukudzibera nokha. Fufutani faifiyo.”

“Ndakupemphani nzeru? Lipirani zimene zalembedwazo,” anatero Mayi Esitele, akukhuthula madzi a m'ketulo mwaukali.

Ireen anawonjezerabe K8,000. Iwo anamubwezera, n'kumufumbatitsa m'manja. Kenako anayang'ana kampando kopanda munthu kumanja kwa galasi, mawu n'kutsika.

“Mwanangu, ndikalemba naini pamenepo, ndiye kuti ndavomera kuti Pilirani sabweranso.”