Moni wa Safeli wa pa chulu

Mlamu wanga Safeli Sikwese wa ku Nthalire wayendetsa malole a eni ake zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi osagundapo ngakhale nkhuku. Msewu wopita ku Boma amaudziwa dzenje ndi dzenje. Chilema chake n'chimodzi, ndipo chimandipsetsa mtima: sapempha. Pa ukwati wake ndi mchemwali wanga Rosemary anadya nyemba zopanda mchere, mchere uli patebulo pomwepo, kuopa kuvutitsa amene anakhala pafupi nawo.

Chaka chatha mwini lole anagulitsa galimoto, Safeli n'kukhala pakhomo miyezi isanu. Kenako mnzake Masiye anabwera ndi nkhani. Bungwe lina logawa mbewu ku Boma linkafuna dalaivala, ndipo makalata ankasiya kulandira pa 28 Febuluwale. Masiye anali ndi mnzake kumeneko, bambo Henderson a ku Zomba, oyang'anira magalimoto.

"Nambala ndi iyi," anatero Masiye. "Uwalembere, unene kuti ndakutuma ndine. Akakutchula kwa abwana, basi yatheka."

Kwathu netiweki imagwira pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi pokha. Pa 3 Febuluwale m'mawa Safeli anavala jekete, n'kukwera chulucho. Atatsika, Rosemary anamufunsa zimene walemba.

"Moni. Ndawauzanso kuti kuno yagwa mvula, ndipo pa kamlatho ka matabwa pali matope."

"Nanga za ntchito?"

"Iwe, munthu sunamudziwe n'komwe, ungayambe ndi kutambasula dzanja? Ayambe wazolowera moni wanga."

Bambo Henderson anayankha kuti, "Zikomo." Safeli anasangalala ngati walandira kale yunifolomu. Mawa lake anakweranso: moni, mvula, msewu. Mkuja wake chimodzimodzi. Sabata yachiwiri anayamba kufunsa a njinga zamoto za malo oterera, kuti moni wake usamakhale wouma. Tsiku lina analemba mpaka mawu akuti "ndimati ndifunse", koma anawafufuta, n'kuikapo za ng'ombe imene inagona pakati pa msewu. A Henderson ankatumiza kachithunzi ka chala chachikulu.

Ine ndinamuuza kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anandiyankha kuti iye si mbewa.

Pa 2 Malichi Rosemary anatopa. Anakwera chulu yekha, chitenje m'chiuno, n'kumulanda Safeli foni.

"Adada, lero mulemba zimene ndinene ine. Lembani: Bambo Henderson, ndine Safeli Sikwese, nambala yanu anandipatsa Masiye. Ndine dalaivala wa malole, zaka 16. Ndamva kuti kwanu akufuna dalaivala. Ngati mungathe kunditchula kwa abwana, ndithokoza. Layisensi ndi makalata ndi izi. Ngati n'zovuta, musadandaule, palibe mlandu."

"Zafupika kwambiri," anatero Safeli, thukuta lili kamukamu. "Akhumudwa."

"Tumizani!"

Sipanathe mphindi zitatu, foni inalira. Anali a Henderson, ndipo mawu awo ankamveka mpaka pansi pa chulu, pomwe ndinaima ine.

"A Sikwese! Inu ndinu dalaivala? Ine ndimayesa ndinu a zanyengo, kapena a komiti ya msewu! Mauthenga anu ndakhala ndikuwatumiza kwa abwana tsiku lililonse. Malole athu amanyamuka tikamva kwa inu."

"Yewo chomene, bwana," anatero Safeli, atavula chipewa.

"Bwanji osanena, abale? Abwana anandifunsa kawiri ngati ndikudziwa dalaivala wodziwa msewu wa ku Nthalire. Ndinati ayi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo. Tinatseka pa 28, ndipo wina walembedwa kale, wa ku Mzuzu. Anandilembera mizere itatu yokha."

Safeli anapepesa. Inde, anapepesa iyeyo, chifukwa chowatayitsa nthawi. Ine ndinkafuna kuseka, koma nditaona nkhope ya mchemwali wanga, yemwe anali atagulitsa kale mbuzi yomaliza, kuseka kunandithera. Ndinamva chisoni, ndipo mpaka lero ndikumvabe.

"Chinthu chimodzi," anapitiriza a Henderson. "Watsopanoyu msewu wanuwo saudziwa. Musasiye kutiuza za matope."

Madzulo ake Rosemary anamulumbiritsa Safeli kuti chulu chija asadzachipondenso. M'mawa kutacha ndinamuona ali pamwamba, jekete lili pathupi, foni ili m'mwamba ngati akudalitsa mudzi.

"Alamu, tsikani," ndinakuwa. "Ntchito inapita!"

"Ndikudziwa," anatero osandiyang'ana. "Koma ndikasiya lero, aziti moni wonse uja ndimapereka chifukwa ndimafuna kanthu."

Mvula inatha mu Epulo. Pano amawauza za fumbi.