Tsiku limene kompyuta inakana mbuzi

Ndikuphunzitsa pa sukulu ina kumidzi ya ku Mburuma, tinalandira kompyuta ya sola yokhala ndi pulogalamu yokonza mawu. Mwana akalemba liwu lomwe mulibe m'ndandanda wake, inkayesa kuchotsapo chilembo chimodzi, kuwonjezerapo chimodzi kapena kusinthapo chimodzi, n'kuonetsa mawu a m'ndandandamo amene yawapeza mwa njira imeneyi. Ndandanda wa Chinyanjawo ndinataipa ndine, masabata atatu, thukuta lili kamukamu.

Tsiku lina ndinalowa m'kalasi la adepyute, achiwiri kwa ahedi, ndipo ndinapeza mtsikana wina akulira. Anali atalemba "mbuzi", kompyuta n'kukana, n'kumupatsa "mbuzu". Pomwepo ndinadziwa: chala changa chinaterereka potaipa, ndiye mbuzi yeniyeni m'ndandandamo munalibe.

"A Sir, cholakwa ndi changa," ndinatero. "Mwanayu walemba bwino."

"Madamu, mufuna kuposa kompyuta?" anayankha adepyutewo, ana onse akumva.

Mtima unandiwira. Kuposa chiyani? Makinawo sanaonepo mbuzi. Ankangowerenga kusiyana kwa zilembo pa mawu amene ine ndinawapatsa. Koma bambo wamkuluyo, wa khola lake la mbuzi kuseri kwa nyumba, anaimirira pamenepo mpaka mwana anafufuta liwu loona n'kulemba bodza langa.

Ndinakonza ndandandawo pa buleki. Chondipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti mawa lake, kompyuta itavomera "mbuzi", adepyute anandiyang'ana monyada, amvekere: "Mwaona, Madamu? Imadzikonza yokha."