Mubwere monga mudzabwerere pamaliro anga

Nditayamba ntchito ku Capital Hill ndinkachita lendi kanyumba ka kuseri ku Area 43. Eni nyumba anali mayi wachisilamu amene anagulitsa nsalu ku Old Town mpaka matenda atawakhazika pansi. Ine ndinali wachikhristu, wokonda zovala zowala.

Loweruka lina masana anandiitanitsa kuchipinda kwawo.

"Mwana wanga, kavaleni monga mudzavalire pamaliro anga. Ndikufuna ndikuoneni."

Ndinaseka, iwo osaseka. Ndinapita kukavala diresi lakuda lamanja aafupi, chitenje pamwamba, ndi nsapato za gogoda. Pobwerera ndinapeza makatani atatsekedwa. Anagona chagada, atafunda nsalu yoyera mpaka m'khosi, maso ali chitsinzire. Ndinaima pakhomo kuyang'ana ngati nsaluyo ikukwera ndi kutsika. Sindinaone kanthu.

"Nsapatozo ndazimva muli pakhonde," anatero osatsegula maso. "Pamaliro wolowa samveka. Valani zafulati."

Kenaka anandiyang'ana kuyambira kumutu. Chitenjecho anachikana chifukwa cha maluwa ofiira. Anati chikhale chodera, chofika m'kakolo. Manja a diresi afike padzanja, khosi lisaonetse chifuwa. Mpango usamangidwe motukumuka ngati wa paukwati, uphimbe tsitsi lonse ndi khosi. Ndolo, mkanda, zopaka pamilomo, perefyumu, zonse zitsale kunyumba.

"Chakuda si lamulo kwa ife," anatero. "Chachikulu, maso a anthu asaime pa inu. Kasintheni, mulowenso."

Ndinalowanso mwakachetechete n'kukhala pansi pamkeka monga anandiuzira. Ndinadzidzimuka kuti misozi ikutsika, pamene munthu anali wamoyo.

"Basi," ananong'ona. "Pitani."

Mvula isanayambe anamwalira m'bandakucha. Anandiuza kuti aikidwa tsiku lomwelo masana, ndiye ndinavala mofulumira. Maliro anali kunyumba ya makolo awo ku Old Town. Abambo anakhala panja, amayi m'nyumba.

Pakati pa abale ndinaona alendo ngati ine: wantchito wawo wa m'nyumba, namwino amene ankawabaya jakisoni, mayi wina wogulitsa tomato. Tonse zitenje zodera, mipango yotsika, makutu opanda ndolo. Namwinoyo anasendera kwa ine.

"Inunso anakuitanani?"

Ndinagwedeza mutu.

"Ine anandibweza katatu. Komaliza ndinawagwira dzanja, linali lozizira. Ndinathamanga kukatenga chikwama changa cha mankhwala, iwo n'kundiuza kuti pamaliro sathamanga."

Abambo atanyamula thupi kupita kumanda, ife tinatsala m'nyumba monga mwa mwambo wawo. Mchemwali wa malemu anadutsa pakati pathu ndi ketulo ya madzi, natifunsa kuti ndife abale a mbali iti. Namwino anayang'ana ine, ine ndinayang'ana mayi wa tomato.