Amayi a pakhomo la abwana ndi tebulo la zaka

Nditayamba ntchito ku City Centre ndinali ndi digiri yatsopano ndi jekete ya kaunjika yomwe ndinagula ku msika wa Tsoka. Bungwe lathu linali laling'ono, lothandiza okalamba. Anandilemba moyeserera kwa miyezi itatu, ndipo abwana ananeneratu poyera kuti lipoti langa loyamba ndilo lidzagamule ngati ndikhale kapena ndinyamule katundu. Ntchito yake inali yoti nditsegule buku la kalembera wa anthu, ndione tebulo la zigawo zitatu za dziko lino, ndinene chigawo chomwe anthu ake ndi achikulire ndi chomwe anthu ake ndi achichepere.

Ndinaiona ngati phala. Tebulolo linali ndi mizere yotsika, uliwonse wa zaka zisanu: 0 mpaka 4, 5 mpaka 9, choncho mpaka pansi. Ndinathamangira ku mizere ya okalamba. Kummwera ndi Pakati manambala anali onenepa, Kumpoto oonda. Basi ndinalemba molimba mtima kuti Kumpoto ndi chigawo cha ana, okalamba ali kuno ndi kumunsi. Ndinadziona wanzeru kwambiri tsiku limenelo.

Lipoti lililonse linkadutsa kaye kwa asekilitale, amayi aimvi omwe ankakhala pakhomo la ofesi ya abwana. Ntchito yao inali yokonza masamba ndi kusindikiza. Ndivomere, sindinkawawerengera. Ndinkawapatsa moni ndili chiyendere.

Nthawi ya nkhomaliro anzanga atatuluka kukagula chipisi, amayiwo anandikodola.

“Achimwene, takhalani apa. Lipotili mwalemba bwino. Koma Kumpoto kuli anthu angati onse pamodzi?”

Sindinkadziwa. Mzere wa chiwerengero cha anthu onse, womwe unali pamwamba penipeni pa tebulo, ndinali nditaudumpha.

“Ndiye taonani,” anatero, akuloza ndi kumbuyo kwa bolopeni. “Kumpoto okalamba ndi ochepa, inde. Nanga makanda? Ochepanso. Achinyamata? Ochepanso. Anthu kumeneko ndi ochepa basi. Mukawerenga chonchi mudzanenanso kuti kulibe ana.”

Ndinaona pomwe ndinalakwitsa. Iwo sanandiseke. Anatulutsa kakyuleta kakale kofufutika mabatani, nandiuza kuti ndiphatikize mizere itatu yoyamba, ya ana osafika zaka khumi ndi zisanu, ndigawe ndi anthu onse a chigawo chomwecho. Tinatero ndi zigawo zonse, kenako chimodzimodzi ndi a zaka 65 kupita m'tsogolo. Atandiona ndikudabwa kuti mzere wotsiriza waposa womwe uli pamwamba pake, anati ndisapusitsidwe: mzerewo ulibe malire, aliyense wopitirira pamenepo amaunjikidwa momwemo.

Chomwe chinandigometsa kwambiri chinali chomaliza. Anayamba kuphatikiza mizere kuchokera kwa makanda, kutsika pang'onopang'ono, mpaka anafika pa theka la anthu a chigawocho, naika chala pamenepo.

“Theka la anthu lili pamwamba pa chala changa, theka lili pansi. Chala chikaima msanga, chigawocho n'cha ana.”

M'zigawo zonse zitatu chala chinaima msanga, tisanafike ndi pa zaka makumi awiri. Kusiyana komwe ine ndinakukuza kunatsala kochepa. Kenako anandichenjeza kuti manambala anga oyamba aja ndisawataye. “Abwana akafunsa kuti mabulangete tigule angati, yankho lili mmenemo. Koma funso la lero si limenelo.”

Ndinawafunsa komwe anaphunzira zimenezi. Anati ali mtsikana anagwirapo ganyu yolowetsa mafomu a kalembera m'makina, ndipo pomwe anzao ankangotayipa, iwo ankafunsa kuti manambalawo akupita kuti. Sukulu analekeza Fomu 2. Ndinachita manyazi, komanso ndinawasirira. Mpaka lero sindinaonenso munthu wowerenga tebulo modekha chotero.

Ndinalembanso lipoti lonse masana omwewo. Lachisanu abwana anandiitana. Anawerenga, nafika pa ndime ya theka la anthu ija, nagwedeza mutu.

“Ambiri obwera kumene amangoyang'ana nambala yaikulu,” anatero. “Izi mwaziganiza nokha?”

Chitseko chinali chotsegula, ndipo ndinkamva amayi aja akutayipa panja. Ndinkaifuna ntchitoyo. Kunyumba anali atauza kale mudzi wonse kuti mwana wao ali mu ofesi ku Lilongwe.

“Eya, bwana,” ndinatero.

Kutayipa kuja sikunaime ngakhale pang'ono. Potuluka ndinapeza kalata yonditsimikiza pa ntchito amayiwo ali ataisindikiza kale, ikungodikira siginecha ya abwana. Anandipatsa ndi manja awiri kuti ndilowe nayo.

“Zikomo, achimwene, mwakhoza,” anatero.

Tinagwira limodzi zaka zinayi asanapume pa ntchito, ndipo nkhaniyi sanaitchulepo. Inenso sindinaitchule, ndipo zimenezi zimandipweteka mpaka pano.